Ndime Yachinayi ya Nyimbo ya Mvumbi

Kumalo ochapira zovala kumene ankagwira ntchito, aliyense ankamutchula Nasimbi, chifukwa kwa zaka khumi ndi zinayi anaima pa tebulo limodzimodzi pafupi ndi zenera, akusita malaya a anthu osawadziwa. Anzake ankamuseka kuti tsiku la kuuka kwa akufa iye adzayamba wafunsa ngati nsalu za angelo zasitidwa. Iye ankangomwetulira, n'kutembenuza kolala.

Zoti amadziwa kuimba gitala ankazidziwa ndi a m'nyumba mwake okha. Anamuphunzitsa ndi mwamuna wake, dalaivala wa malole, amene ankayenda ndi gitala kuseri kwa mpando kulikonse kumene wapita. Bamboyo atagwa ndi sitiroko, mbali yakumanja yonse inafa, mawu n'kutsala ochepa okha, ndipo gitala ija inatsikira m'manja mwa mkazi wake. Zaka zitatu Nasimbi ankamusambitsa, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, kumudyetsa ndi supuni, kenako n'kuthamangira ku ntchito. Masana ankatsala naye ndi apongozi ake, mayi a bamboyo, amene nawonso mawondo anali atayamba kukana.

Wodwalayo ankavuta kwambiri kukatentha. Ankakankha mbale, kukoka nsalu ya pabedi, kulira ndi ukali wa munthu amene akudziwa chimene akufuna koma lilime likumukaniza. Koma kukagwa mvumbi, mvula ija yosathamanga imene imayamba m'mawa n'kumangowaza tsiku lonse, ankakhala phee, maso ali pa zenera. Masiku oterowo Nasimbi ankakhala m'mphepete mwa bedi n'kumakodola zingwe pang'onopang'ono, ndipo m'kupita kwa nthawi munatuluka nyimbo yakeyake ya ndime zitatu. Inkayamba chonchi:

Igwa bwino, mvula, usafulumire,
muno muli wina akukumvera.

Ndime yachiwiri inkanena za msewu wonyowa ndi magalasi a lole, yachitatu za malaya opachikidwa kuseri kwa chitseko akudikira mwini wake. Bamboyo akaimva, dzanja lake lamoyo linkagunda bulangete motsatira, mpaka tulo tim'tenge.

Maganizo oijambula anabwera ndi mng'ono wa bamboyo, amene anali ndi situdiyo yaing'ono kuseri kwa sitolo ya nsapato. Anthu ankamutchula Khutu, poti ankatha kumva chingwe chimodzi chosachunidwa bwino pakati pa gulu lonse. Iye ndi Nasimbi ankasereulana ngati mmene achitira munthu ndi mlamu wake. Akabwera kudzaona mkulu wake ankayamba wasuzumira m'miphika, n'kunena kuti akanadziwa akanayamba iye kufunsira. Tsiku lina anapeza nyimbo ija ili pakati, anaima pakhomo osalowa mpaka itatha. Ndiye anati nyengo yotentha ikubwera, mvula ipita, nanga achimwene adzatonthola ndi chiyani? Bwanji aijambule pamodzi ndi mvula yeniyeniyo, kuti amayi azingodina batani masana?

Nasimbi anakana kawiri. Kachitatu anavomera, koma anamuuza maso ndi maso kuti nyimboyo ndi ya m'chipinda chimenecho, isadzatuluke pakhomo.

“Alamu, ine ndingakuchiteni zimenezo?” anatero Khutu, dzanja lili pamtima. “Ikathera pa kasipika ka achimwene basi.”

Anabwera Lamlungu lina masana, mvumbi uli mkati, atakulunga zida zake m'mapepala apulasitiki. Nasimbi ankaganiza kuti kujambula mvula n'kungoloza maikolofoni kudenga, koma Khutu anaseka. Anamuveka mahedifoni kuti amve yekha: mvula ya pa malata inkamveka ngati mafuta akuwira m'chiwaya, phokoso lokhalokha lopanda madontho. Choncho anatsegula zenera pang'ono, naloza maikolofoni imodzi pansi, pamene madzi a padenga ankagwera pa masamba a maluwa ndi m'kachithaphwi, ataifunditsa ndi kansalu kuti dontho lisaimenye. Pamenepo mvula inamveka ngati mvula: madontho akuluakulu pafupi, kuwaza kwapansipansi patali. Anajambula imeneyo payokha kwa mphindi makumi awiri, onse ali chete, ndipo pomwe panadutsa njinga yamoto anadula.

Kenako anatseka zenera, napachika mabulangete awiri pakhoma kuti mawu asamabwerere. Gitala inali itamwa chinyezi, zingwe zikusuntha, moti anaichuna katatu, ndipo pomaliza anazitsitsa zonse pang'ono kuti zigwirizane ndi mawu a Nasimbi amene anali okhuthala. Anamuletsa kukhwatcha zingwe ndi kachipande kapulasitiki. Anati aimbe ndi minofu ya zala, chingwe chimodzichimodzi. Maikolofoni yachiwiri anaiika kutalika kwa chikhatho kuchokera pakamwa pake, n'kumuuza kuti asaimbire msewu, aimbire munthu amene wagona apoyo. Nasimbi atayamba, mantha anamuthamangitsa. Khutu anamuimitsa, namugwiritsa chala pa mtsempha wa padzanja lake lomwe.

“Tsatirani umenewo. Nyimbo ya mvula isapitirire mtima wa munthu amene wakhala pansi. Ndipo mukamaliza mzere musathamangire wina, siyani mpata, mvula nayo ilankhuleko.”

Anaimba katatu. Kachitatu wodwala anali atagona, kukamwa kuli pululu. Khutu anavula mahedifoni, nati zatheka, ndipo anatuluka kukasuta pakhonde. Apongozi anali kukhitchini.

Nasimbi anatsala yekha ndi gitala pamiyendo. Usiku wathawo anali atasintha nsalu za pabedi kawiri, msana unkamuwawa, ndipo mawa lake kunali ntchito. Zala zinapitiriza zokha mayimbidwe aja, ndipo mawu amene anali asanawauzepo munthu, ngakhale kuwaganiza mpaka kumapeto, anatuluka motsitsa kwambiri:

Mvula iwe, ine ndatopa.
Pobwerera kwanu um'tenge,
ndigoneko tulo ngati anzanga.

Anaimba kamodzi kokha. Mawu anathyoka pa “anzanga”, ndipo anadzigwira pakamwa, akuyang'ana mwamuna wake ngati wamva. Sanamve. Anapukuta m'maso, naimika gitala pakona, ndipo Khutu atalowa anamupeza akupinda mabulangete.

Patatha masiku anayi Khutu anabweretsa kasipika kokhala ndi batani limodzi lalikulu. Munali ndime zitatu zija, mvula ikuyamba yokha, kutsika mawu akalowa, kukweranso m'mipata. Nyimboyo inagwira ntchito kuposa mankhwala ena. Miyezi yonse yotentha, dzuwa likuswa mtengo panja, m'chipinda muja munkagwa mvumbi, ndipo bamboyo ankagunda bulangete mpaka kugona. Nasimbi ankauza aliyense kuti mlamu ngati ameneyu sapezeka kawiri. Bamboyo anamwalira kutatsala milungu yochepa kuti mvula iyambenso. Pamaliro Khutu ndi amene anathamanga ndi zonse, ndipo ndi iye anagwira Nasimbi paphewa kumanda.

Mvumbi woyamba wa chaka chimenecho unam'peza ku ntchito. Linali tsiku lovuta kwa ochapa: zovala zosauma zili ndandanda pa zingwe za m'kati, magalasi a mazenera atachita nthunzi, makina oumitsira akulira osapuma. Wailesi ya pa shelefu inali pa pulogalamu ya masana, ndipo muulutsi, mayi wa mawu ofatsa, anati poti kunja kwatero, anthu atenge kapu ya tiyi amvere nyimbo yatsopano ya woimba amene akungodzitchula kuti Mayi wa Pazenera.

Kunayamba mvula, kenako gitala. Nasimbi anaimika simbi. Anadziwa chala chake chomwe, pamene chimakhula chingwe posintha. Mawu ake atalowa, mnzake wopinda mashiti anati, koma mayi ameneyu akuimba ngati wakhala pompano. Panali zina zimene iye sanaziimbe: chingwe chokhuthala cha besi pansipansi, ndi piyano yogwa apo ndi apo ngati madontho. Anaima chilili, akudziuza kuti ndi ndime zitatu zokha, zitha, apita akamufunse Khutu. Ndime yachitatu inatha. Besi ndi piyano zinazimirira, mvula inakwera pang'ono, ndipo m'malo moti nyimbo ithe, anamva mpweya wake womwe ukukokedwa.

Ndime yachinayi inamveka bwino kuposa zonse. Khutu anali ataikweza, poti inaimbidwa monong'ona, ndipo anaisiya yokha ndi gitala, popanda chokometsera. Ngakhale kuthyoka kwa mawu kuja anakusiya momwemo.

Wopinda mashiti anapukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni, nati pali anthu akuvutika kunja kuno. Kenako anayang'ana Nasimbi, nayang'ananso wailesi. Nasimbi anazimitsa simbi, anavula epuloni, natuluka osatenga ambulera.

Anam'peza Khutu mu situdiyo, atakhala kutsogolo kwa kompyuta. Ataona mlamu wake ali chonyowa pakhomo, anayamba kuseka kaseko kake kaja, koma kanathera panjira. Anamukokera mpando. Nasimbi sanakhale. Anamufunsa ngati tsiku lija anaiwala kuzimitsa makina.

Akanatha kunama, ndipo mwina Nasimbi akanakonda bodzalo. Koma Khutu pa nkhani ya ntchito yake sankadziwa kunama. Anati sazimitsa konse. Wojambula aliyense wodziwa ntchito amasiya makina akuyenda woimba akauzidwa kuti zatha, chifukwa mapewa amatsika nthawi imeneyo, ndipo chabwino chimatuluka pamenepo. N'chifukwa chake anatuluka kukasuta. Anati ndime ija anaimva madzulo a tsiku lomwelo, ndipo anakhala nayo pafupifupi chaka chathunthu osauza munthu, kudikira kuti mkulu wake apume kaye.

“Ndiye pamene munkandigwira paphewa kumanda paja, munali nayo?”

“Ndinali nayo, alamu. Koma sindinakuweruzeni. Aliyense amene anadwazikapo amadziwa.”

“Munalonjeza dzanja lili pamtima.”

“Dzina lanu sindinaliike.”

“Mawu anga ndi dzina langa. Amayi anu sawadziwa? Mwana wanga sawadziwa?”

Khutu anayang'ana pansi, kenako anayamba kulankhula mofulumira, ngati munthu amene wakhala akuyeserera yekha. Anati nyimbo za mvula zilipo zambirimbiri, zonse zokoma, zonse zonena za kusowa wokondedwa pazenera, ndipo anthu amaziiwala dzuwa likangotuluka. Ndime zitatu zija ndi zabwino, koma n'zoterozo. Yachinayi ndi imene imapangitsa munthu kuimitsa galimoto pambali pa msewu. Anati zaka makumi awiri wakhala akujambula makwaya ndi malonda a sopo, ndipo chinthu choona chimodzi chokha chimene chinalowapo m'makina ake ndi chimenechi, akanachikwirira bwanji? Anatchulanso za pepala loti asainirane, kuti zobwera zonse zikhale zake Nasimbi.

Nasimbi anamuyang'ana kumaso. Chimene chinamupweteka kwambiri n'choti munthuyo maso ake ankawala. Ankachita manyazi ndithu, koma pansi pa manyaziwo panali kunyada.

“Achimwene anu munawagoneka ndi zitatu,” anatero. “Yachinayi mwasungira dziko.”

Anamuuza kuti aichotse kulikonse kumene waipereka. Khutu anati ayesa, koma inali itapita kale ku mawailesi atatu ndi pa intaneti, ndipo anthu anali atayamba kutumizirana pa mafoni.

Mawa lake, mvula ikadali, Nasimbi anapempha theka la tsiku napita ku wailesi ija. Muulutsi wa mawu ofatsa anali mayi wamfupi wa imvi, wovala juzi yaikulu. Anamvetsera nkhani yonse osamudula, ndipo anaoneka kuti zamukhudza. Anamuonetsa pa kompyuta mndandanda umene amautsegula kunja kukangoda: nyimbo pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, zonse zoyenda pang'onopang'ono, zopanda ng'oma zolimba. Anati saziika chisawawa. Mvula ikangoyamba amaika zofunda, zachikondi, poti anthu akuthamangira pobisala. Ikakhazikika, anthu atakhala pansi, ndi pamene amaika zolemera, ndipo saika zolemera zoposa ziwiri motsatizana, kuopa kumiza omvera. Ikakhala ya mkuntho, yogwetsa nyumba ndi kudzaza mitsinje, mndandandawo sautsegula n'komwe, chifukwa sungaimbire mvula mokoma wina denga litam'sasukira. Nyimbo ya Nasimbi, anati, inagwera pakati penipeni pa mvumbi, pamalo amene wakhala akusowa choikapo kwa zaka.

Anaichotsa pamndandanda iye akuona. Kenako anazengereza, nati pali mauthenga amene abwera kuyambira dzulo, oposa zana, ambiri ochokera kwa anthu odwazika: wina bambo ake, wina mwana wolumala, wina mkazi wake. Anafunsa ngati angakonde kuwerengako.

Nasimbi anawerenga awiri pa foni ya muulutsiyo. Wachiwiri unali wa bambo wina amene analemba kuti ankadziona ngati chilombo mpaka dzulo. Anabweza foniyo.

“Ndawamva,” anatero. “Koma iwowa anena zawo mwakufuna kwawo, ndiponso mobisa. Ine sanandifunse.”

Kunyumba anapeza apongozi atalongedza. Wina wa kutchalitchi anali atawamvetsera nyimboyo pa foni, akuganiza kuti awasangalatsa. Mayiwo sanakalipe. Anakhala pampando ndi chikwama pamiyendo, nati iwo ankadina batani lija tsiku lililonse, akuthokoza Mulungu chifukwa cha mpongozi wotere, osadziwa kuti nyimboyo ili ndi mchira. Nasimbi anagwada pafupi nawo, nayesa kufotokoza za nsalu zosintha kawiri, za msana, zoti anaimba kamodzi kokha. Iwo anati akudziwa kutopa, nawonso ankatopa, koma mwana wawo sanamupempherepo imfa. Anapita kukakhala kwa Khutu. Nasimbi anaima pakhomo akuona takisi ikutembenuka m'matope, ndipo chimene chinamubaya n'choti mwa anthu awiriwo, mayiwo anasankha kukakhala ndi amene anatulutsa mawuwo, osati amene anasambitsa mwana wawo zaka zitatu.

Nyengo imeneyo mvula inagwa yambiri. Wailesi imodzi inasiyadi, koma zina ziwiri zinapitiriza, ndipo nyimboyo inali m'mafoni, m'maminibasi, m'malo ometera, mu sitolo ya mankhwala. Kumwamba kukangochita mdima, Nasimbi ankadziwa kuti aimvanso. Iye amene kale ankati akaona mvumbi mtima n'kukhala pansi, tsopano ankayang'ana mitambo ngati munthu woyembekezera kuitanidwa ku khoti. Ku ntchito anzake anayamba kuzimitsa wailesi madontho akangoyamba, popanda wonena kanthu, ndipo chifundo chimenecho chinkamulemera kuposa miseche. Khutu anaimba foni kangapo, kenako anatumiza envelopu ya mapepala kudzera kwa wa sitolo ya nsapato. Nasimbi anaibweza yosatsegula.

Amene ankamuopa kwambiri anali mwana wake wamkazi, wachisamba, amene ankagwira ntchito mu banki mumzinda wina ndipo ankakonda bambo ake koposa. Milungu itatu sanaimbe foni. Loweruka lina m'mawa anangofika, napeza mayi ake akuchapa makatani. Anavula nsapato, nagwira mbali ina ya katani, n'kuyamba kufinya nawo. Atafinya awiri, mwanayo anafunsa:

“Amayi, munkanena zoona?”

Nasimbi anali atakonza mayankho ambiri m'milungu itatuyo. Onse anamuthawa.

“Tsiku limenelo, ee. Ndinkanena zoona.”

Mwanayo anagwedeza mutu, maso ali pa madzi a m'beseni. Anati iye ankabwera kamodzi pamwezi, kukhala masiku awiri, ndipo pokwera basi yobwerera ankapuma mpweya waukulu, n'kumadzida njira yonse. Anati sakudziwa ngati angathe kuimveranso nyimboyo, ndiponso sakudziwa ngati wakhululuka, chifukwa akatseka maso amaona bambo ake atagona pomwepo mawuwo akuimbidwa. Koma anati dzulo lake anapita ku situdiyo, ndipo anawauza bambo ake aang'onowo kuti pa ukwati wake, ukadzakhalapo, asadzayerekeze kukhala pampando wa bambo.

Nasimbi sanamve kupepuka kumene ankayembekezera. Anangoona kuti banja limene linapirira matenda zaka zitatu lagawika pakati m'mwezi umodzi. Anapatsa mwanayo mapegi, natenga beseni.

Anayanika makatani onse asanu m'khonde, poti kunja sikunali kodalirika. Kenako mwanayo anati chipinda cha bambo chakhala chotseka mokwanira, ndipo ngati amayi alola, iye agula penti. Anakangana pang'ono za mtundu wake. Masana anatulutsa bedi lachitsulo la bamboyo, mmodzi kumutu wina kumiyendo, ndipo linakakamira pachitseko, moti anachita kulimasula miyendo ndi sipanala yobwereka kwa aneba.